Kunuti imene sinabwere

M'bandakucha woyamba ku Joni

Ndinafika ku Joni mwezi wa Juni, chisanu chili pakati. Ndinafikira kwa amalume, omwe ankasesa mzikiti wina ndi kuyitana azana, ndipo ankagona m'kachipinda kuseri kwa mzikitiwo. Usiku umenewo sindinagone kwenikweni. Pamene ankandidzutsa kuti tikachite wuzu, madzi a pa mpope anali ngati akudula zala.

Swala ya Subuhi ndinaiphunzira pambali pa agogo anga aamuna kwathu ku Nkhotakota, ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina langa. Thupi langa limaidziwa lokha. Pa rakaa yachiwiri, imamu akaweramuka pa rukuu, manja amakwera, imamu n'kuyamba kunuti, pemphero lapadera lonenedwa chilili, ife kumbuyo tikuyankha amina. Ndiye m'mawa umenewo nditaweramuka ndinakweza manja monga mwa masiku onse, n'kudikira.

Imamu anangoti Allahu akibaru. Mzere wonse unagwa pa sijida. Ndinatsala ndekha chilili, manja ali m'mwamba, ndikuona misana ya anthu pafupifupi makumi anayi. Sizinatenge nthawi, mwina kupuma katatu, kenako nanenso ndinatsika. Koma mphumi itafika pa kapeti mtima unali ukugunda moti mawu a sijida anandisokonekera.

Titamaliza ndinayamba kukumbukira zina zimene ndinaziona osaziganizira. Imamu sanawerenge Bisimila mokweza. Amina wa pambuyo pa Fatiha sanamveke, aliyense ananena chamumtima. Ndipo chakumapeto kwa mzere, bambo wina wamtali wochokera kumadzulo kwa Afirika anali akumaliza rakaa imene inamudutsa, manja ali m'mbali, osapinda pachifuwa.

Ganizo loyamba linali lakuti anthu awa akulakwitsa. Lachiwiri ndi limene linandipweteka: nanga ngati olakwitsa anali agogo? Anali atamwalira chaka chapitacho. Moyo wawo wonse sanaphonye kunuti ya Subuhi.

Tiyi wa m'kachipinda

Amalume anaona nkhope yanga. Anateleka ketulo, n'kukhala pa bedi.

“Mwanawe, awa ndi Ahanafi. Wamtali uja ndi Mmaliki. Ife ndife Ashafi. Swala yako ili bwino, yawonso ili bwino.”

Ndinati, “Koma amalume, Mtumiki anali mmodzi. Subuhi ankaiswali tsiku lililonse anthu akuona. Ankachita kunuti kapena sankachita?”

Sanandidzudzule. Anandithirira tiyi, n'kunena kuti funso limenelo ndi lakale kuposa mzikiti uliwonse umene ndinalowamo, ndipo anthu amene anaswali kumbuyo kwa Mtumiki weniweniyo analiyankha mosiyana. Kenako anandiuza chochita. M'mazihabu ya Shafi, njira ya malamulo a chipembedzo imene ife Ashafi timatsata, ukaswali kumbuyo kwa imamu wosachita kunuti, ngati ungathe kuiwerenga mwachidule n'kumupeza akadali pa sijida yoyamba, uwerenge. Ngati sungathe, umutsatire, ndipo iye akapereka salamu iwe uchite sijida ziwiri zoiwala usanapereke yako. Ukapanda kutero swala siionongeka, chifukwa kunuti si nsichi ya swala.

Chimene chinandigwira si lamulolo ayi. Ndi chakuti lamulolo linalipo kale. Munthu wina, zaka mazana ambiri zapitazo, anaganizira za mnyamata woima yekha kumbuyo kwa imamu wa mazihabu ina, n'kumulembera chochita. Ndinafuna kudziwa kuti anthu amenewa anali ndani. Papita zaka kuchokera tsiku limenelo ndikuwerenga ndi kufunsa mashehe, ndipo izi ndi zimene ndapeza.

Hadisi zitatu, mayankho anayi

Nkhani ya kunuti imayambira pa maliro. M'chaka cha 625, Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatumiza gulu la owerenga Kurani, pafupifupi 70, kukaphunzitsa mafuko ena. Anaphedwa mwachiwembu pa chitsime chotchedwa Mauna. Anasi bin Maliki, yemwe ankatumikira m'nyumba ya Mtumiki, anafotokoza kuti Mtumiki anachita kunuti mwezi wathunthu akupempha chilango pa mafuko amene anachita chiwembucho, kenako anasiya. Hadisi imeneyi palibe amene amaikana.

Mkangano uli pa liwu limodzi: anasiya chiyani? Ahanafi ndi Ahambali, omwe ndi mazihabu yachinayi, amati anasiya kunuti ya Subuhi, ndipo imabwerera pokhapokha Asilamu akagwa m'tsoka lalikulu. Ashafi amati chimene anasiya ndi kupemphera motsutsa mafuko aja, kunutiyo inapitirira.

Ashafi ali ndi hadisi ina yochokera kwa Anasi yemweyo, yonena kuti Mtumiki sanaleke kunuti ya Subuhi mpaka anasiyana ndi dziko. Akatswiri a Chishafi monga Nawawi anailandira. Akatswiri ena a hadisi anaikana, chifukwa mu mndandanda wa oifotokoza muli munthu mmodzi amene ankamukayikira pa kasungidwe ka mawu. Apa ndipo ndinamvetsa kuti hadisi siingokhala mawu okha. Ili ndi anthu amene anaipatsirana, ndipo akatswiri awiri oona mtima angathe kusiyana pa munthu mmodzi wa mu mndandandamo.

Mbali inayo ili ndi yachitatu. Munthu wina wa ku Kufa anafunsa bambo ake, omwe anaswali kumbuyo kwa Mtumiki, Abu Bakari, Umari, Usumani ndi Ali, ngati ankachita kunuti pa Subuhi. Bambowo anayankha kuti zimenezo n'zongoyamba pambuyo pake. Ashafi samanena kuti bambowo ananama. Amagwiritsa ntchito mfundo yakuti mboni yonena kuti “ndinaona” imaposa mboni yonena kuti “sindinaone”, chifukwa munthu angathe kusaona chinthu chimene chinachitika.

Imamu Maliki, amene Amaliki amamutsata, anaima pakati. Kwa iye kunuti ya Subuhi ndi yabwino, koma ichitike mwakachetechete, ndipo ndi bwino isanafike rukuu. N'chifukwa chake ukaswali kumbuyo kwa Mmaliki sungadziwe n'komwe kuti wachita kunuti, umangoona kuti wachedwa pang'ono kuwerama. Ahanafi kunuti yawo ya masiku onse ili pa witiri, swala yotsekera ya usiku, isanafike rukuu. Ahambali nayonso ili pa witiri, koma pambuyo pa rukuu.

Nditafika apa mtima unakhala pansi pa za agogo. Koma funso lina linabuka. Ngati akatswiri anali ambiri, ndipo aliyense anali ndi umboni wake, zinatheka bwanji kuti mayina atsale anayi okha?

Poyamba kunali mizinda

Mtumiki atamwalira mu 632 kunalibe mazihabu. Kunali Maswahaba, anthu amene anakhala ndi Mtumiki, ndipo anabalalika pamodzi ndi kukula kwa dziko la Chisilamu. Abudala bin Masudi anapita ku Kufa, ku Iraki. Ibini Abasi anaphunzitsa ku Maka. Aisha, Zaidi bin Sabiti ndi Abudala mwana wa Umari anali ku Madina. Ena anakakhala ku Siriya ndi ku Igupto. Aliyense anatenga zimene anaona ndi kumva, ndipo palibe amene anaona zonse. Anthu a mzinda uliwonse ankaswali, kugulitsana ndi kugawa chuma cha masiye monga anaphunzitsira Swahaba wa kwawo ndi ophunzira ake.

Choncho kwa zaka zoposa zana limodzi munthu sankati “ndine wa uje”. Ankati “anthu a ku Kufa amati” kapena “kwathu ku Madina timachita chonchi”.

Abu Hanifa, yemwe anamwalira mu 767, anali wamalonda wa nsalu ku Kufa. Anaphunzira kwa Hamadi, Hamadi anaphunzira kwa Ibrahimu Nakhai, ndipo mzerewo umakafika kwa Ibini Masudi. Kufa unali mzinda wa mitundu yosakanikirana ndi milandu yachilendo, komanso hadisi zabodza zinkayenda kwambiri kumeneko chifukwa cha mikangano ya ndale. Abu Hanifa ankasamala polandira hadisi yofotokozedwa ndi anthu ochepa, ndipo ankadalira kwambiri kiyasi, kutanthauza kuyerekeza nkhani yatsopano ndi ina imene lamulo lake likudziwika, pofufuza chifukwa chimene chili pansi pa lamulolo. Pa bwalo lake ankaponya funso, ophunzira n'kutsutsana naye momasuka. Ankakambirana ngakhale milandu imene sinachitike, kuti ikadzachitika yankho likhale lilipo.

Maliki bin Anasi, yemwe anamwalira mu 795, anakhala moyo wake wonse ku Madina ndipo mafunso a “bwanji zitati” sankawakonda. Mphamvu yake inali mzindawo. Ankati chimene anthu a ku Madina akhala akuchita, ana kuonera kwa makolo, kuchokera nthawi ya Mtumiki, ndi umboni wolemera kuposa hadisi ya munthu mmodzi. Ndi maganizo omveka: azana ankayitanidwa kasanu patsiku m'mudzi womwewo, muyeso wa chopereka cha zakaati unali m'manja mwa anthu omwewo.

Kalata ya ku Igupto

Pano ndi pamene ndinakumana ndi munthu amene sanachokenso m'mutu mwanga, Laisi bin Saadi. Anabadwa mu 713, anamwalira mu 791, ndipo pa nthawi yake ndiye anali katswiri wamkulu wa Igupto yense. Anali wachuma ndi wopatsa kwambiri, ndipo Maliki anali mnzake.

Maliki anamva kuti Laisi akupereka zigamulo zosemphana ndi zochita za ku Madina, ndiye anamulembera kalata yomulangiza kuti anthu onse ayenera kutsatira Madina. Yankho la Laisi lilipo mpaka lero, ndipo ndi laulemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anavomereza ulemerero wa Madina. Kenako anakumbutsa mnzakeyo kuti Maswahaba ambiri anatuluka mu Madina n'kukakhala kwina, ndipo zimene ankachita kumeneko makhalifa ankazidziwa osawaletsa. Anaperekanso chitsanzo chimene munthu wa dziko la mvula ngati ine ndinachimva msanga. Ku Madina ankaphatikiza Magaribi ndi Isha usiku wa mvula. Laisi anati mvula ya ku Siriya ndi yambiri kuposa ya ku Madina, ndipo kumeneko kunali Maswahaba akuluakulu monga Abu Ubaida, Khalidi bin Walidi ndi Muazi bin Jabali, koma sankaphatikiza. Nanga tinene kuti iwo sankadziwa suna?

Ndinawerenga kalatayo kangapo. Si ya munthu wochepa nzeru kuyerekeza ndi Maliki. Shafi mwiniwake, yemwe anaphunzira kwa Maliki, amatchulidwa kuti ananena kuti Laisi ankadziwa fikihi, malamulo a Chisilamu, kuposa Maliki, kungoti ophunzira ake sanamunyamule.

Mawu amenewo ndiwo anandiyankha funso langa. Lero palibe mzikiti wa Alaisi. Akatswiri a ku Igupto a m'badwo wotsatira, monga Ibini Kasimu ndi Ibini Wahabu, anapita ku Madina n'kukhala zaka zambiri pamapazi a Maliki, ndipo zimene anasonkhanitsa ndi kuphunzitsa atabwerera zinali za Maliki. Zigamulo za Laisi palibe amene anazisanja m'buku loti mwana aphunzire mutu ndi mutu. Anthu amene anazimva ndi makutu atatha, zinatsala zidutswa m'mabuku a anthu ena.

Sanali yekha. Auzai, yemwe anamwalira ku Beiruti mu 774, ankatsatiridwa ku Siriya konse mpaka ku Andalusi, Sipeini ya Asilamu. Sufiyani Sauri wa ku Kufa anali ndi omutsatira. Daudi Zahiri, yemwe ankakana kiyasi n'kumangogwira mawu monga alili, anali ndi mazihabu yake. Tabari, mwini buku lotchuka lomasulira Kurani, yemwe anamwalira mu 923, nayenso anali ndi yake. Onsewa ndi mayina olemekezeka mpaka lero, ndipo palibe amene amati anasokera.

Shafi, amene anadya m'nyumba zonse ziwiri

Muhammadi bin Idirisa Shafi anabadwa mu 767, chaka chimene Abu Hanifa anamwalira. Anakulira ku Maka, anaphunzira kwa Maliki ku Madina, kenako ku Iraki anakhala ndi Shaibani, wophunzira wa Abu Hanifa, akuwerenga mabuku ake ndi kutsutsana naye. Anaona mphamvu ndi kufooka kwa mbali zonse ziwiri ali mkati.

Chimene anachita ndi kulemba malamulo a mkanganowo. M'buku lake la Risala anafotokoza kuti umboni ndi Kurani, suna ya Mtumiki yobwera ndi mndandanda wodalirika, mgwirizano wa akatswiri, kenako kiyasi. Kwa a ku Madina ankati mwambo wa mzinda sungagonjetse hadisi yotsimikizika. Kwa a ku Iraki ankati kuona kwa katswiri kuti chinthu n'chabwino sikukwanira, pafunika kuyerekeza kokhala ndi maziko. Anasamukira ku Igupto chakumapeto kwa moyo wake, n'kusintha zigamulo zake zambiri, moti Ashafi mpaka lero amasiyanitsa mawu ake akale a ku Iraki ndi atsopano a ku Igupto. Anamwalira mu 820.

Ahamadi bin Hambali, wa ku Bagidadi, yemwe anamwalira mu 855, anali munthu wa hadisi, ndipo sankafuna kuti maganizo ake azilembedwa ngati lamulo. Ndimaona kuti mwa anayiwa, iye ndiye akanadabwa kwambiri kumva kuti pali mazihabu ya dzina lake.

Onyamula

Zoona zake n'zakuti palibe mwa anayiwa amene anayambitsa mazihabu monga munthu amayambitsira bungwe. Anaimanga ndi anthu a pambuyo pawo, ndipo ntchitoyo inatenga mibadwo itatu kapena inayi.

Abu Hanifa sanasiye buku la fikihi. Analemba ndi Abu Yusufu ndi Shaibani, makamaka Shaibani, ndipo m'mabuku mwawo amasemphana ndi mphunzitsi wawo kambirimbiri. Ngakhale pa nkhani yathu ija: Mhanafi akaswali Subuhi kumbuyo kwa Mshafi, Abu Hanifa ndi Shaibani amati aime chete mpaka kunuti ithe, Abu Yusufu amati atsatire imamu. Maliki anasiya buku la Muwata, koma msana wa mazihabu yake ndi mayankho a Ibini Kasimu amene Sahanuni anawasonkhanitsa ku Kairawani, m'dziko limene lero ndi Tunisiya. Shafi anali ndi Rabii wosunga mabuku ake, ndi Muzani yemwe anawafupikitsa. Ahamadi anali ndi Khalali, yemwe anamwalira mu 923, munthu amene anayenda mizinda yambiri kufunafuna aliyense amene anafunsapo Ahamadi funso, n'kulemba yankho lake. Pakanapanda Khalali, Ahamadi akanatsala ngati Laisi.

Chida chimene sindinkachiwerengera ndi kabuku kachidule, kamene amakatcha mukhutasari. Mabuku akuluakulu ndi a akatswiri. Kabuku kachidule kamayamba ndi madzi a wuzu, kupita ku swala, zakaati, kusala, malonda, ukwati, chuma cha masiye, mpaka milandu, m'mawu ochepa oti wophunzira aloweze. Mphunzitsi amakafotokoza, wina n'kulemba ndemanga, wina ndemanga ya ndemangayo. Funso latsopano likabwera, katswiri amalifananiza ndi mfundo za imamu wake n'kutulutsa yankho m'dzina la mazihabu. Pakakhala mawu awiri osemphana, akatswiri a pambuyo amasankha lodalirika. Kwa Ashafi ntchito yosankhayi anaigwira kwambiri Rafii ndi Nawawi, yemwe anamwalira mu 1277. Ndiye tikamati “Shafi anati”, nthawi zambiri tikunena chimene mibadwo ya akatswiri inagwirizana kuti ndiwo mawu a nyumba imeneyo.

Ku Damasiko kuli chitsanzo choonekeratu. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 900, woweruza wina wa Chishafi, Abu Zura, ankapereka madinari 100 kwa aliyense woloweza kabuku ka Muzani. Mzinda umene unali wa Auzai unatembenuka pang'onopang'ono. Palibe amene anagonjetsa Auzai pa mtsutso. Ana anangoyamba kuloweza buku lina.

Khoti ndi chakudya cha wophunzira

Pali mbali imene ena safuna kuimva, koma akatswiri akale ankainena poyera. Ibini Hazimu wa ku Andalusi, yemwe anamwalira mu 1064, ananena kuti mazihabu awiri anafala poyamba chifukwa cha mpando. Abu Yusufu atakhala woweruza wamkulu pansi pa Khalifa Haruna Rashidi, oweruza ambiri osankhidwa anali a ku bwalo la Abu Hanifa. Ku Andalusi, Yahaya bin Yahaya, wophunzira wa Maliki, ndiye ankafunsidwa ndi mfumu posankha oweruza, ndipo ankatchula Amaliki. Mnyamata wofuna ntchito ya uweruzi ankadziwa buku loti aphunzire.

Kenako kunabwera madirasa a wakifu. Munthu wachuma kapena nduna ankamanga sukulu, n'kupatula minda kapena masitolo oti phindu lake lizilipira mphunzitsi ndi kudyetsa ophunzira mpaka kalekale, ndipo chikalata chinkatchula mazihabu yoti iziphunzitsidwa. Nizamiya ya ku Bagidadi, imene inatsegulidwa mu 1067, inali ya Ashafi. Mustansiriya, mumzinda womwewo, inatsegulidwa mu 1234 ndi zigawo zinayi, chimodzi pa mazihabu iliyonse. Wophunzira wosauka amapita kumene kuli mphasa ndi buledi. Mazihabu imene inalibe wakifu inalibe pogona ana ake.

Mu 1265 Sulutani Baibasi anaika oweruza aakulu anayi ku Kairo, pomwe kale anali mmodzi wa Chishafi. Woweruza aliyense ankayenera kugamula motsata chigamulo chodziwika cha mazihabu yake, osati maganizo ake a tsiku limenelo, choncho munthu ankadziwiratu chimene akakumane nacho kukhoti. Koma chifukwa makhoti anali anayi, panali potulukira. Mwachitsanzo, mkazi wofuna kuti m'chikalata cha ukwati mulembedwe kuti mwamuna asadzamuchotse m'mudzi wa kwawo kapena kumukwatirira mkazi wina, Ahambali amavomereza kuti mfundo yotere imamanga, pamene ena saiwerengera motero. Kusiyana kumene kunandiopsa m'mawa uja kunali kothandiza anthu pa milandu yeniyeni.

Pofika nthawi imeneyo nambala inali itakhazikika. Anayiwa anavomerezana kuti onse ali mkati, ndipo kunja kwawo kunalibenso mphunzitsi, buku lophunzitsira kapena khoti loti munthu atsamire.

Koma mpando wokha sunakwanire

Ndikanalekera pamenepo ndikanakhala ndanama. Ahamadi anakwapulidwa ndi kutsekeredwa ndi boma chifukwa chokana kunena kuti Kurani ndi yolengedwa, pa mayeso amene anayamba mu 833. Mazihabu yake inakula chifukwa anthu wamba a ku Bagidadi anamukonda pa kupirira kumeneko. Mafatimi, omwe anali Ashia, analamulira Igupto kuyambira 969 mpaka 1171, koma anthu ambiri anakhalabe Ashafi ndi Amaliki. Kumpoto chakumadzulo kwa Afirika, mfumu ina ya Amuwahidi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 inalamula kuti mabuku a fikihi ya Amaliki atenthedwe. Ufumuwo unatha, Amaliki alipo mpaka lero, ndipo mmodzi wa iwo ndi bambo wamtali uja wa kumapeto kwa mzere. Mabukuwo anali m'mitu ya anthu ambiri kuposa amene moto ukanafikira.

Sindibisanso kuti dongosololi linali ndi mabala ake. Ku Nishapuri ndi mizinda ina ya ku Irani, Ahanafi ndi Ashafi anafika pomenyana ndi kuotcherana madirasa m'zaka za m'ma 1100. Mu mzikiti wopatulika wa ku Maka munali malo anayi a maimamu anayi, gulu lililonse likuswali palokha, mpaka m'zaka za m'ma 1920 pamene anagwirizanitsidwa kumbuyo kwa imamu mmodzi. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, makamaka ndikakumbukira ulemu wa m'kalata ya Laisi.

Anzanga ena amati tisiye mazihabu, tingotsata Kurani ndi hadisi. Cholinga chawo ndimachilemekeza, ndipo maimamu anayiwo ankafuna chomwecho. Koma ndimawapempha kuti tiyese pa kunuti yokhayi. Hadisi zija ndi zitatu. Tisankha bwanji tanthauzo la “anasiya”? Munthu wokayikitsa uja wa mu mndandanda timulandira kapena ayi? Mboni yoona ndi yosaona tiziyeza bwanji? Aliyense amene angayankhe watenga kale njira ina mwa njira zimene akatswiri aja anadutsa, kaya akutchula dzina lake kaya ayi.

Mmene inafikira kwa agogo

Chisilamu chinafika kunyanja kwathu m'zaka za m'ma 1800 kudzera m'njira za malonda zochokera ku Kilwa ndi Zanzibara, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa mafumu a Chiyao monga Makanjira. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti masulutani a ku Zanzibara sanali Ashafi. Anali Aibadi ochokera ku Omani, mazihabu ina imene ili kunja kwa anayi a Asuni. Koma aphunzitsi a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, Aswahili ndi ochokera ku Hadaramauti ku Yemeni, anali Ashafi, ndipo timabuku timene ankaphunzitsira tinali ta Chishafi. Chimene chinakwera kumtunda kuno ndi cha aphunzitsi, osati cha sulutani. Amwenye amene anadzatsegula masitolo ku Limbe ndi kwina anabwera ndi Chihanafi cha kwawo ku Indiya, chimodzimodzi amene anamanga mizikiti yambiri ya ku Joni ndi ku Debeni.

Agogo sankadziwa za Muzani kapena Nawawi. Ankadziwa za mwalimu wawo, yemwe anaphunzira kwa mwalimu wina amene anafikako kugombe. Anandiimika pambali pawo pa mkeka, ndili ndi tulo m'maso, n'kundikweza manja ndi dzanja lawo.

Ndikadali ku Joni ndipo ndimaswalibe mu mzikiti womwe uja. Imamu akatsika ndimatsika naye, akapereka salamu ndimachita sijida zanga ziwiri. Mkulu wina wa Chimwenye amene amakonda kuima kumanja kwanga anandifunsa kamodzi kokha, ndinamufotokozera, ndipo kuyambira pamenepo amadikira kuti ndimalize asanandipatse dzanja.

Chaka chatha ndinapeza kanthu kena kamene ndinathamanga nako kwa amalume. Yahaya bin Yahaya uja, amene anakhazikitsa Chimaliki ku Andalusi, anaphunziranso kwa Laisi ku Igupto, ndipo pa nkhani zochepa anasiya mawu a Maliki n'kutenga a Laisi. Imodzi mwa nkhanizo inali kunuti ya Subuhi. Laisi sankaichita, ndipo Yahaya anamutsatira. Amalume anandiuza kuti ndiwawerengerenso pang'onopang'ono, kenako anafunsa kuti Laisiyo anaikidwa kuti. Ndinawauza kuti ku Kairo, kumanda a kumwera kwa mzinda, pafupi ndi pamene anagona Shafi.